Hedi yotayika m'paipi: ndapeza mamita 0.4 koma yankho akuti ndi mamita 9

Tiyamike:
Moni akuluakulu nonse a pagulu pano. Ndangoyamba kumene kuphunzira za kayendedwe ka madzi m'mapaipi, ndipo pali funso limene landizunguza mutu kuyambira dzulo. Paipi ya pulasitiki ndi yotalika mamita 200, dayamita yake ya m'kati ndi mamilimita 50, ndipo mukudutsa malita 3 a madzi pa sekondi iliyonse, madziwo ali pa madigiri 20. Akufuna tipeze hedi imene ikutayika chifukwa cha kukhulana kwa madzi ndi khoma la paipi, pogwiritsa ntchito fomula ya Darcy-Weisbach:

```
hf = f × (L / D) × v² / (2g)
```

Apa hf ndi hedi yotayika, f ndi nambala ya kukhulana, L ndi kutalika kwa paipi, D ndi dayamita, v ndi liwiro la madzi, ndipo g ndi ya mphamvu yokokera zinthu pansi. Ine ndapeza mamita 0.4, koma papepala la mayankho alemba mamita pafupifupi 9. Ndabwereza masamuwa katatu ndipo ndikungofika pamodzimodzi. Chonde ndithandizeni kuona pamene ndikuphonya, komanso mundiuze chifukwa chake chinthu chotayika tikuchiyeza m'mamita ngati kuti ndi chingwe.

Yamikani:
Achemwali, mwina mwaiwala kuwerengera kutalika kwa pamene pali thanki. Ngati madzi akukwera mamita 9 kupita m'thanki, ndiye kuti yankho lachokera pamenepo. Tayang'ananinso bwino funsolo, mwina pali chithunzi chosonyeza kuti paipiyo ikukwera chitunda.

Tiyamike:
Zikomo achimwene, koma mulibe thanki kapena chitunda m'funsoli. Paipiyo yangogona pamalo athyathyathya kuchokera koyambira mpaka kothera.

Bambo Kalua:
A Yamikani, zimene mwatchulazo ndi hedi ina, ya kukwera, ndipo fomulayi siikhudza konse. Paipi ikhale yogona, yokwera kapena yotsetsereka, malinga ngati ili yodzaza ndipo madzi akuyenda pa liwiro lomwelo, hedi yotayika ndi kukhulana imakhala yofanana. Posankha pampu ziwirizi timaziphatikiza, koma timazipeza padera.

A Tiyamike, ndiyambe ndi funso lanu la mamita. Yerekezani kuti mwaboola paipi yogonayo koyambira ndi kothera, ndipo pabowo lililonse mwaimikapo chubu choonekera m'kati, choloza kumwamba. Madzi akangokhala osayenda, amakwera m'machubu onse awiri kufika pa mulingo wofanana. Mukatsegula kuti ayambe kuyenda, a m'chubu cha kothera amatsika kuposa a koyambira, ndipo kusiyana kwa milingo iwiriyo ndi kumene tikukutcha hf. Choncho akamati mamita 9, akutanthauza kuti madzi a m'chubu chachiwiri aima mamita 9 pansi pa anzawo.

Tsopano tisanapite patali, tilembereni masamu anu onse monga munawachitira, makamaka m'mene munapezera f. Ndili ndi chikaiko ndithu pa malo amodzi, koma ndi bwino tione kaye.

Tiyamike:
Ndinayamba ndi kusintha zonse kuti zikhale m'mamita ndi masekondi, kenako ndinapeza eriya ya bowo la paipi, liwiro la madzi ndi nambala ya Reynolds, Re, pamene ν ndi kulimba kwa madzi:

```
Q = 0.003 m³/s      D = 0.05 m
A = π × D² / 4 = 0.00196 m²
v = Q / A = 1.53 m/s
Re = v × D / ν = 1.53 × 0.05 / 0.000001 ≈ 76,400
f = 64 / Re = 0.00084
```

Nditaika f ameneyu m'fomula ndi pamene ndinapeza mamita 0.4.

Bambo Kalua:
Mizere inayi yoyambirira mwaikhoza bwino kwambiri, ndipo dziwani kuti ambiri amagwera pomwepo chifukwa choiwala kusintha malita ndi mamilimita. Vuto lili pa mzere womaliza wokha. Lamulo la 64/Re ndi loona, koma limagwira ntchito pokhapokha madzi akamayenda mwabata, ndiko kuti nambala ya Reynolds ikakhala pansi pa 2,000 kapena pamenepo. Yanu ndi 76,400, ndiye muli kutali zedi ndi dera limenelo.

Mu 1883 Osborne Reynolds anadutsitsa madzi m'chubu chagalasi ndi kuthiramo kamzere ka utoto pakati pake. Madzi akamayenda pang'onopang'ono, utotowo unkakhala ngati ulusi wowongoka mpaka kumathero, koma atawonjezera liwiro, ulusiwo unayamba kugwedezeka, kenako unabalalika n'kudetsa madzi onse. Kuyenda koyambako ndi kumene 64/Re amafotokoza. Kwachiwiriko madzi amavunduka, timagulu ta madzi timawombana ndi kukankhana cham'mbali, ndipo mphamvu yambiri imathera m'chipwirikiti chimenecho. Nambala ya Reynolds ikapitirira 4,000 timatenga kuti madzi avunduka kale, ndipo m'mapaipi onyamula madzi pa liwiro la masiku onse ndi mmene zimakhalira pafupifupi nthawi zonse.

Madzi akavunduka, f amadalira zinthu ziwiri: nambala ya Reynolds ndi kukhakhala kwa khoma la m'kati poyerekeza ndi dayamita. Pulasitiki yatsopano ndi yosalala kwambiri, ndipo matebulo ambiri amaipatsa kukhakhala kwa mamilimita 0.0015. Mukagawa ndi mamilimita 50 mupeza 0.00003. Mukapita ndi nambala ziwirizi pa tchati cha Moody, chimene chinatuluka mu 1944, muona kuti f ali chapafupi ndi 0.019. Ngati maso anu satha kutsatira mizere yopanikizana ya patchatipo, monga anga masiku ano, pali fomula ya Swamee ndi Jain ya mu 1976 imene kakyuleta imatha kuyankha kamodzi kokha, ndipo ε m'menemo ndi kukhakhala kuja:

```
f = 0.25 / [log10( ε/(3.7D) + 5.74/Re^0.9 )]²
f = 0.25 / [log10( 0.0000081 + 0.000231 )]² ≈ 0.019
```

Zotsalazo ndi kuchulukitsa chabe:

```
L / D = 200 / 0.05 = 4,000
v² / (2g) = 1.53² / 19.62 = 0.119 m
hf = 0.019 × 4,000 × 0.119 ≈ 9 m
```

Ndimakonda kuti ophunzira aziiwerenga fomulayi ngati chiganizo osati kungoloweza zilembo. Gawo lomalizalo, mamita 0.119, ndi mphamvu imene madzi ali nayo chifukwa cha liwiro lawo. Nambala ya 4,000 ikutiuza kuti paipiyo ndi yotalika ngati madayamita ake 4,000 atandandalikidwa motsatizana. Ndipo f akutiuza gawo la mphamvu ija limene limatayika madzi akayenda mtunda wofanana ndi dayamita imodzi, lomwe pano ndi pafupifupi magawo awiri pa 100 alionse. Kutayikako ndi kochepa pa dayamita imodzi, koma kukuchitika maulendo 4,000, ndipo pampu iyenera kukhala ikubwezeretsa zonsezo kuti liwiro lisatsike.

Madalitso:
Bambo Kalua, pepani ndilowepo. Ine ndinaphunzira zimenezi m'maphunziro a zamakemikolo, ndipo patchati chimene ndili nacho, pa nambala ya Reynolds yomweyo f ndi 0.0048 osati 0.019. Ndikaika m'fomula ya a Tiyamike ndikupeza mamita 2.3. Ndikuganiza kuti 0.019 ndi wa paipi yachitsulo ndipo 0.0048 ndiye wa pulasitiki, popeza pulasitiki ndi yosalala.

Bambo Kalua:
A Madalitso, nambala yanuyo si yolakwika, koma chifukwa chimene mwaperekacho ndicho cholakwika. Tachulukitsani 0.0048 ndi 4, muona kuti mukufika pa 0.019. Tchati chanu ndi cha f wa Fanning, amene nthawi zonse amakhala gawo limodzi mwa magawo anayi a f wa Darcy, ndipo fomula yoyenda naye imakhala ndi 4 kutsogolo kwake. Onse awiri amalembedwa ndi chilembo chimodzimodzi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti olemba ena satchula n'komwe amene akumugwiritsa ntchito. Njira yozindikirira ndi kuyang'ana mzere wowongoka wa kumanzere kwa tchati, wa madzi oyenda mwabata: pakalembedwa 64/Re ndiye kuti ndi wa Darcy, pakalembedwa 16/Re ndi wa Fanning. Mwatenga f wa nyumba ina n'kukamulowetsa m'fomula ya nyumba ina, n'chifukwa chake yankho lanu lachepa kanayi.

Madalitso:
Ndayang'ana, ndipo palembedwadi 16/Re. Ndavomera kulakwa kwanga. Komabe mfundo yanga yakuti chitsulo chimataya hedi yambiri kuposa pulasitiki ndikuona kuti idakali yoona.

Bambo Kalua:
Ndi yoona, kungoti kusiyana kwake sikufika kanayi pa chitsanzo ichi. Paipi yachitsulo yokutidwa ndi zinki, ikakhala yatsopano, amaiwerengera kukhakhala kwa mamilimita 0.15. Pa dayamita yomweyi ndi madzi omwewa f amakwera kufika pa 0.028, ndipo hedi yotayika imakhala mamita 13 ndi pang'ono. Mfundo imeneyi, yakuti mkhalidwe wa khoma umasintha kutayika kwa hedi, ndi imene Henry Darcy anaonetsa pa zoyesa zake zimene zinasindikizidwa mu 1857, pamene maonekedwe a fomulayi anali atalembedwa kale ndi Julius Weisbach mu 1845.

A Mbewe:
Ine masamu a matchatiwa sindinawaphunzire, ntchito yanga ndi yoika mapaipi ndi mapampu, koma nkhaniyi yandikumbutsa zimene zinandichitikira chaka chatha. Munthu wina anandipatsa pepala la mawerengero ofanana kwambiri ndi awa, paipi ya 50, mtunda wa mamita 200, malita 3 pa sekondi, ndipo pampu anaisankha potengera pepala lomwelo. Ndinagula paipi yolembedwa 50 mm pakhoma pake, ndinaika zonse mwaukhondo popanda podontha paliponse, koma titayatsa pampu, chidebe cha malita 20 chimene chimayenera kudzaza m'masekondi osakwana 7 chinkatenga masekondi 8 ndi kupitirira. Mwini ntchito anayamba kunena kuti ndasiya dothi m'paipi. Ndinatsuka mzere wonse kawiri koma palibe chinasintha, ndipo mpaka lero sindidziwa bwinobwino chimene chinalakwika.

Bambo Kalua:
A Mbewe, kodi chidutswa cha paipi imeneyo chidakalipo? Ngati chilipo, tayezani m'kati mwake ndi veniya mutiuze.

A Mbewe:
Chilipo, ndipo ndayeza pompano. Kunja ndi mamilimita 50 ndendende, koma m'kati ndi 46.

Bambo Kalua:
Ndiye kuti mlandu wa dothi uja munaunyamula mosalakwa. Mapaipi ambiri a pulasitiki amatchulidwa ndi dayamita ya kunja, ndipo khoma likamakhuthala kuti lipirire puresha yaikulu, bowo la m'kati ndi limene limachepa. Fomulayi imafuna dayamita ya m'kati, kumene madzi akudutsa. A Tiyamike, ntchito iyi ikhale yanu: bwerezani masamu aja ndi mamilimita 46, zina zonse zikhale chimodzimodzi.

Tiyamike:
Ndayesa, ndipo ndapeza izi:

```
A = 0.00166 m²      v = 1.81 m/s      Re ≈ 83,000
f ≈ 0.0189          L / D = 4,348     v² / (2g) = 0.166 m
hf ≈ 13.6 m
```

Ndikukaika ngati ndakhoza, chifukwa sindikumvetsa kuti mamilimita 4 okha angawonjezere bwanji hedi yotayika kuchoka pa 9 kufika pa 13.6.

Bambo Kalua:
Mwakhoza, ndipo kudabwa kwanuko ndi kumene ndimafuna kuti mufikepo, chifukwa pa zonse zimene takambirana lero ichi ndicho chofunika kuchisunga. Dayamita imaoneka kamodzi kokha m'fomula, pa L/D, koma yabisalanso m'liwiro. Bowo likachepa, eriya imachepa motsatira dayamita yochulukitsidwa ndi iyo yokha, choncho liwiro limakwera motero. Kenako liwirolo nalonso timalichulukitsa ndi lokha m'fomula, ndiye dayamita yalowamo kanayi. Mukawonjezera ya pa L/D ija, yalowamo kasanu. Tengani 50 mugawe ndi 46, yankholo mulichulukitse ndi lokha mpaka likhale kasanu, mupeza pafupifupi 1.5, ndipo n'chifukwa chake 9 wasanduka 13.6.

Zimenezi zimagwiranso ntchito mukatembenuza. Paipi ya mamilimita 100 m'kati, pa mtunda womwewo ndi madzi omwewo, imataya mamita 0.33 okha. Kutalika kwa paipi kulibe mphamvu yotere, chifukwa mukakuwirikiza kawiri, hedi yotayika imangowirikiza kawirinso basi.

Pa nkhani ya a Mbewe, pampu inakumana ndi hedi yoposa imene inasankhidwira, ndipo pampu yamtundu wozungulira ikakumana ndi zotere siima, imangochepetsa madzi mpaka hedi yotayika itsike kufika pamene ingakwanitse. N'chifukwa chake chidebe chinkachedwa kudzaza ngakhale kuti pampu inkalira bwinobwino.

A Mbewe:
Zikomo kwambiri bambo, mwandichotsa chinthu pamtima. Nanga tsiku lina zikadzachitikanso, ndingasiyanitse bwanji paipi yochepa ndi paipi yotsekeka, popanda kufukula mzere wonse?

Bambo Kalua:
Ikani geji koyambira ndi ina kothera, ndipo muyeze madzi ndi chidebe monga munachitira. Hedi ya mamita 10 a madzi ndi pafupifupi baa imodzi pageji, choncho pa paipi yogona ya chitsanzo chathu mageji awiriwo ayenera kusiyana ndi mabaa 0.9 pamene malita 3 akudutsa pa sekondi, ndipo pa paipi ya 46 asiyane ndi 1.3. Mukawerengera ndi dayamita yeniyeni komanso madzi amene mwayezadi, kusiyana kwa mageji n'kugwirizana ndi masamu, dziwani kuti paipi ndi yoyera ndipo vuto ndi kukula kwake. Kusiyanako kukaposa masamu ndi patali, pali china chikutchinga, ndipo kawirikawiri si dothi koma mpweya wotsekeredwa pamalo okwera a mzerewo, kapena valavu yosatseguka yonse. Mukakhala ndi poika geji yachitatu pakati, muona mbali imene puresha ikugwa modzidzimutsa, pamene kukhulana kwenikweni kumaigwetsa mofanana mita iliyonse. Paipi ikakhala yokwera, yambani mwawerenga mageji madzi ataima, kuti mudziwe kusiyana kumene kukuchokera ku kukwera kokha, kenako mukuchotse.

Mayi Nyirenda:
Ndatsatira zonsezi mwachidwi, koma ndili ndi maganizo osiyana pang'ono pa kaphunzitsidwe kake. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuwerengera mizere ya madzi ndi fomula ya Hazen-Williams, imene siifuna nambala ya Reynolds kapena tchati. Ndaika chitsanzo cha a Tiyamike, ndi C wa 150, nambala ya kusalala kwa paipi imene timapatsa pulasitiki yatsopano, ndipo ndapeza mamita 9.2. Ngati mayankho akufanana chonchi, sindikuona chifukwa chovutitsira woyamba kumene ndi malogarizimu, pamene taona kale kuti anthu awiri pagulu lomwe lino apunthwa pa f yemweyo.

Bambo Kalua:
Mayi, pa madzi ozizira oyenda pa liwiro la masiku onse sindingakutsutseni, ndipo inenso ndimaigwiritsa ntchito pofuna kutsimikizira yankho mwamsanga. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti fomula imeneyo siidziwa kulimba kwa chimene chikuyenda m'paipi. Inapangidwira madzi okha, ndipo C sasintha madzi akatentha kapena mukaikamo mafuta. Wophunzira amene anayambira kumeneko alibe chomuchenjeza akadzatuluka m'malire ake, pamene wa Darcy-Weisbach amakakamizika kupeza nambala ya Reynolds, ndipo nambalayo imamuuza dera limene ali. Mafuta olimba oyenda m'paipi yaing'ono amatha kukhala pansi pa 2,000, ndipo pamenepo 64/Re wa a Tiyamike uja ndiye amakhala yankho lolondola.

Mayi Nyirenda:
Pa mafuta ndikuvomereza, koma pa madzi ndikhalabe ndi njira yanga. Ndiwonjezere chimodzi chimene sichinatchulidwe: mamita 9 aja ndi a paipi yowongoka yokha. Elibo iliyonse, valavu ndi polowera madzi zimataya hedi yakeyake, imene timaipeza pochulukitsa K wa chipangizocho ndi mamita 0.119 aja. Titati mzerewu uli ndi maelibo 6 ndipo iliyonse tiipatse K wa 0.9, tikupeza mamita 0.6 ndi pang'ono. Pa mzere wautali chonchi ndi zochepa, koma m'chipinda cha pampu, mmene mapaipi ndi afupiafupi ndipo zokhota n'zambiri, zimenezi zimatha kuposa za paipi yowongoka.

Yamikani:
Ndiye ngati thanki ija ikanakhalapo pa mamita 15, pampu ikanafunika kukankha 15 kuphatikiza 9 kuphatikiza 0.6, pafupifupi mamita 25. Ndikhulupirira kuti tsopano ndalondola. Koma ndili ndi funso lina: popeza liwiro timalichulukitsa ndi lokha, ndiye kuti tikachepetsa madzi ndi theka, hedi yotayika ichepa kanayi, kukhala mamita 2.25?

Tiyamike:
Inenso ndimaganiza choncho, koma nditawerengera ndapeza zosiyana pang'ono. Pa malita 1.5 pa sekondi liwiro ndi 0.76, nambala ya Reynolds yatsika kufika pa 38,200, ndipo f wakwera kufika pa 0.022. Hedi yotayika ikutuluka pafupifupi mamita 2.6 osati 2.25. Zikuoneka kuti f sakhala malo amodzi madzi akasintha.

Bambo Kalua:
Ndi momwemo, ndipo a Yamikani mamita 25 aja mwakhoza. M'paipi yosalala f amatsika pang'onopang'ono nambala ya Reynolds ikamakwera, choncho lamulo la kanayi limangoyandikira. Limakwanira ndendende m'paipi yokhakhala kwambiri pa liwiro lalikulu, kumene mizere ya patchati cha Moody imagona chathyathyathya kudzanja lamanja, chifukwa kumeneko f amadalira kukhakhala kokha.

Madalitso:
Nanga pakati pa 2,000 ndi 4,000 timatenga f uti? Patchati changa pamenepo angojambulapo mthunzi.

Bambo Kalua:
Pamenepo palibe fomula yodalirika, chifukwa madzi amatha kuyenda mwabata kanthawi kenako n'kuvunduka, malinga ndi kugwedezeka kwa paipi ndi mmene alowera. Ine ndimatenga f wa madzi ovunduka popeza ndiye wamkulu, ndipo ngati n'kotheka ndimasintha dayamita kuti ndichokemo m'dera limenelo.

A Mbewe:
Funso langa lomaliza ndi la mapaipi akale. Ndinadulapo paipi yachitsulo imene inagwira ntchito zaka zambiri, ndipo m'kati mwake munali timatuza ta dzimbiri tolimba ngati miyala, moti chala changa chachikulu chinkalowa movutikira pabowo limene poyamba linali lotakasuka. Kodi paipi yotere mumaipatsa kukhakhala kotani pa masamu anuwa?

Mayi Nyirenda:
Ine ndimatsitsa C malinga ndi zaka za paipiyo, potsatira matebulo, ndipo nthawi zambiri zimandithandiza.

Bambo Kalua:
Matebulo a zaka ine sindiwakhulupirira kwenikweni, mayi, chifukwa mapaipi awiri a msinkhu umodzi amatha kusiyana kutali malinga ndi madzi amene akhala akudutsamo. Komanso pa paipi ya a Mbeweyo si kukhakhala kokha kumene kwasintha, bowo lenilenilo lachepa, ndipo taona kale zimene mamilimita 4 amachita. Ndikanakhala ine ndikanayeza ndi mageji awiri ndi chidebe, kenako n'kutembenuza fomula kuti ndipeze f kuchokera pa hedi imene yatayikadi.

Mayi Nyirenda:
Zimenezo n'zotheka pa mzere umene ulipo kale, bambo. Koma pokonza mzere watsopano umene udzagwire ntchito zaka 20 zikubwerazi mulibe poika geji, ndipo muyenera kusankha nambala lero lomwe. Pamenepo inu mumatenga iti?

Tiyamike:
Inenso ndikudikira yankho la funso limenelo. Pakadali pano ndayesa kutembenuza fomula monga mwanenera a Kalua: ngati mageji pa paipi yogona ya 50 ija atasiyana ndi mabaa 1.8 pa malita 3 pa sekondi, hedi yotayika ndi mamita 18 ndi pang'ono, ndipo ndikagawa ndi 4,000 komanso ndi 0.119 ndikupeza f wa pafupifupi 0.039. Chimene sindikudziwa n'chakuti pa nambala imeneyi ndingasiyanitse bwanji gawo la kukhakhala ndi gawo la kuchepa kwa bowo, popeza ndawerengera ngati kuti dayamita idakali 50.